Laputopu ya kuntchito ikakana pulogalamu

"Abale, ndili ku Kasungu kuno. Laputopu ya kuntchito ikukana pulogalamu yolembera mayina a alimi, ikungoti This program is blocked by group policy. A zamakompyuta ku Lilongwe akuti akonza kale, koma palibe chasintha. Nditani?"

Achimwene, n'kutheka kuti anthuwo akonzadi, koma zimene akonzazo sizinafike pa laputopu yanu. Malamulo a group policy amene akukana pulogalamuyo amakhala pa seva ya ku likulu, ndipo laputopu ndi imene imapita kukawatenga yokha, pafupifupi mphindi 90 zilizonse komanso poiyatsa. Koma imatenga pokhapokha ikuiona sevayo. Ngati mukugwiritsa bando ya pafoni osalumikiza VPN ya kuntchito, imene imakulowetsani pa netiweki ya ku likulu, intaneti ikhoza kumathamanga bwinobwino, laputopu n'kumatsatirabe malamulo a mwezi watha.

Tsegulani Command Prompt, mulembe:

```
gpresult /r
```

Fufuzani mzere woti Last time Group Policy was applied. Tsiku limene lili pamenepo likakhala la kale kuposa tsiku limene a ku Lilongwe anati akonza, vuto ndi lomwelo. Lumikizani VPN, kenako:

```
gpupdate /force
```

Ikati zatheka, izimitseni n'kuiyatsanso. Ikadandaula kuti sikupeza domain controller, kutanthauza seva ija, jambulani uthengawo muwatumizire, chifukwa chosokonekera ndi njira yopita ku seva, osati pulogalamu yanu.

Zinandichitikira ine ku Mchinji. Tinakangana pafoni sabata yonse, iwo akuti tatsegula, ine ndikuti bodza. Titayang'ana mzere uja, laputopu inali isanalankhule ndi seva chichokereni ku likulu. Pasiwedi ya VPN inali itatha nthawi, ndipo palibe anaganizako.

Tsikulo likakhala la lero koma uthenga uja ukubwerabe, onani pamene pulogalamuyo yakhala. Malamulo oyambira a AppLocker, mbali ya Windows yoletsa mapulogalamu osaloledwa, amalola anthu wamba kuyendetsa zimene zili mu `C:\Program Files` ndi `C:\Windows` basi. Ya mu Downloads, pa Desktop kapena pa fulashi imakanidwa ngakhale ikhale yabwino. Ndiye musangowauza kuti "ikukana". Apatseni dzina lenileni la fayilo, foda imene ilimo, ndi dzina la laputopu (lembani `hostname` muliona). Akatero adzaiika okha mu Program Files, kapena adzailembera lamulo loilola. Dziwaninso kuti opanda ufulu wa Administrator, `gpresult` imakuonetsani mbali ya inu wogwiritsa ntchito yokha, pomwe AppLocker ili ku mbali ya kompyuta, choncho musadabwe mukapanda kuiona pa mndandandawo.

Chimene ndikukupemphani, musapite nayo kwa anyamata okonza makompyuta pa boma kuti akaithyole. Wina adzatsegula `gpedit.msc` kuti asinthe malamulo pa laputopu pomwepo, koma lamulo la pa laputopu likasemphana ndi la ku seva, la ku seva ndi limene limapambana. Wina adzati tiifufute tiike Windows yatsopano. Pamenepo laputopu yachoka pa domain, ndiye kuti seva ya kuntchito siikuidziwanso, mafoda a kuntchito simulowanso, mayina a alimi amene munali musanatumize apita, ndipo kalata yofotokoza mudzalemba ndi inu.