Nditsekere ndi nkhani ya mtsikanayo kapena ndi pempho la mchenga?

"Ndine wapampando wa komiti pasukulu yathu ya pulayimale. Chimbudzi cha atsikana chinagwa ndi mvula, ndipo Lachisanu pamsonkhano wa makolo andipatsa mphindi 10 kuti ndilankhule. Simenti ndi malata zilipo, koma mchenga tiyenera kututa tokha makolo. Ndili ndi nkhani ya mtsikana wina amene ndinamuona akutuluka m'munda wa chimanga kuseri kwa sukulu, atazolika, anyamata akumuseka. Kodi nditsekere ndi nkhani imeneyi kuti iwakhale mumtima, kapena nditsekere ndi kuwauza zoti achite?"

Amayi, tsekerani ndi mchenga. Nkhani ya mtsikanayo musaitaye, koma ibwere kutsogolo pang'ono, pempho likhale mawu omaliza amene anthu amve kuchokera pakamwa panu.

Chifukwa chake ndi anthu amene adzakhale patsogolo panuwo. Makasu, ndowa ndi mawilibala zili kunyumba kwawo, mtsinje amaudziwa, ndipo Loweruka ndi tsiku lotsatira. Pamene omvera anu ndi omwewo amene angachite chinthucho, ndipo angachichite sabata yomweyo, kuwasiya ndi chithunzi chokha m'maganizo n'kuwabweza kunyumba ali ndi chisoni chopanda kopita nacho. Chisoni sichikhalitsa. Pofika pachigayo akhala atayamba kale kukamba za mtengo wa feteleza.

Ine ndinaphunzira izi mochititsa manyazi. Denga la tchalitchi chathu linkadontha, ndipo anandisankha kuti ndilankhule mapemphero atatha. Ndinakonzekera kwambiri. Ndinatsekera ndi beseni lachitsulo limene tinkaika pafupi ndi guwa, mmene madontho ankalirira m'menemo abusa akupemphera, tho, tho, tho, mpaka ana n'kumawerenga madontho m'malo momvera pemphero. Ndinakhala pansi m'tchalitchi muli zii. Panja anthu anandigwira chanza, ena mpaka kunena kuti "lero mwatilasa." Patatha milungu itatu msungichuma anandiuza kuti palibe ndi tambala yomwe imene inalowa ya denga. Anthu sanakane ayi. Sindinawauze kuti apereke zingati, kwa ndani, pofika liti, ndiye aliyense ankadikira kuti akomiti adzalengeza. Beseni lija amalikumbukirabe mpaka lero, ena amandiseka nalo.

Apa mpamene mungadziwire ngati mathero anu agwira. Anthu akamabwera n'kumati "mwalankhula bwino, amayi," chithunzi chalowa koma ntchito ilibe mwini. Akamabwera n'kumafunsa kuti "ndiye tibwere ndi ndowa zathu eti?" kapena kudandaula kuti 6 koloko ndi m'mawa kwambiri, dziwani kuti zatheka. Wodandaula za nthawiyo wadziona kale ali kumtsinje.

Pali kafukufuku wina wakale amene amaonetsa zimenezi bwino. Mu 1965 Howard Leventhal ndi anzake anafalitsa zimene anapeza pa ophunzira a pa Yunivesite ya Yale ku Amerika. Anawapatsa timabuku tofotokoza za matenda a kafumbata ndi katemera wake. Ena analandira toopsa kwambiri, tokhala ndi zithunzi za odwala, ena tofotokoza mofatsa. Amene anaopsezedwawo ananenadi kuti akabayitsa, koma mantha aja sanawapititse kuchipatala kuposa anzawo. Chimene chinasintha zinthu n'chakuti ena anapatsidwanso mapu a pasukulupo osonyeza pamene pali chipatala, maola amene chimatsegulidwa, n'kuuzidwa kuti ayang'ane ndandanda yawo asankhe nthawi yopitira. Mwa amenewa, pafupifupi 28 pa 100 alionse anakabayitsa, pamene mwa enawo anali pafupifupi 3 okha. Chodabwitsa n'chakuti anali ophunzira a chaka chomaliza, chipatalacho ankachidziwa kale. Mapuwo sanawaphunzitse njira. Anangochititsa kuti nkhaniyo ilowe m'tsiku lawo, pa ola lakutilakuti. Makolo anunso mtsinje amaudziwa, koma muwauzebe doko lake ndi nthawi yake.

Tsono pempho lenileni ndi lotani? "Tiyeni tigwirane manja pa chitukuko cha sukulu yathu" si pempho. Aliyense avomera, aomba m'manja, ndipo palibe amene walonjeza kanthu. Pempho limakhala ndi chinthu chimodzi chochita, kuchuluka kwake, tsiku, malo, ndi munthu woti akaonane naye. Lachisanu lisanafike, pitani kwa mmisiri akuuzeni mchenga umene ukufunika. Tiyerekeze kuti wanena mawilibala 60 ndipo ana amachokera m'midzi inayi. Ndiye kuti mudzi uliwonse ndi mawilibala 15. Nambala 60 imaopsa, koma 15 munthu amaiwerengera mumtima n'kuona kuti anthu khumi atha kumaliza dzuwa lisanatenthe.

Ndipo likhale limodzi basi. Ndikudziwa kuti mukufunanso miyala, madzi, ndalama ya mlonda, komanso kuti makolo asiye kutuma ana kumsika nthawi ya sukulu. Mukatchula zonsezi kumapeto, aliyense asankha chopepuka, kapena aganiza kuti mnzake watenga cholemeracho. Zinazo zisiyeni, mukazinene kumtsinje anthu akupuma.

Nkhani ya mtsikanayo malo ake ndi pafupi ndi mapeto, pempho lisanabwere. Mphunzitsi wina wa luso lolankhula, Alan Monroe wa pa Yunivesite ya Purdue, anakonza ndondomeko ya masitepe asanu cha m'ma 1930 imene imaphunzitsidwabe: kukopa chidwi, kuonetsa vuto, kupereka njira yolithetsera, kuwaonetsa anthu m'maganizo mmene zinthu zidzakhalire, kenako kuwauza chochita. Chithunzi chili pachinayi, chochita pachisanu. Chithunzicho chimatenthetsa mtima, pempho limapeza mtima uli wotentha. Mukazitembenuza, anthu amamva za mawilibala asanadziwe chifukwa chovutikira, kenako nkhani yomvetsa chisoni ija imafufuta tsiku ndi nthawi zimene munanena.

Ine ndikanakhala inu, mphindi ziwiri zomaliza ndikanazinena chonchi:

"Tsiku lina ndikudutsa kuseri kwa sukulu ino ndinaona mwana wamkazi akutuluka m'chimanga. Anali atazolika, akukoka diresi lake, anyamata ali pamsewu akuseka. Sanabwerere m'kalasi, analunjika njira yakwawo. Sinditchula dzina lake, chifukwa akanatha kukhala wa aliyense wa ife. Chimanga chija tikolola posachedwa, ndiye adzabisala kuti? Simenti ilipo, malata alipo, mmisiri alipo. Chatsala ndi mchenga, mawilibala 15 mudzi uliwonse. Mawa Loweruka, 6 koloko m'mawa, tikumane padoko la kumunsi kwa mlatho, aliyense ndi khasu kapena ndowa. Alembi athu ali pakhomo apo ndi kope. Musanatuluke, lembetsani dzina."

Mukatero khalani pansi. Musawonjezere zoti "ndi zomwezo basi" kapena kupepesa kuti mwatalikitsa. Onani kuti funso la kukolola lija ndi limene likulumikiza nkhaniyo ndi mchenga, chifukwa likusandutsa chisoni kukhala chinthu chachangu. Popanda mlatho wotero, anthu amamva ngati mwadumpha kuchoka pa misozi ya mwana kupita pa zolengeza.

Chenjezo limodzi pa mtsikanayo. Pamudzi anthu amadziwana, ndipo mayi ake mwina adzakhala pa benchi yachiwiri. Musatchule kalasi yake, tsiku lake, kapena mudzi umene analowera. Mukangonena zambiri, Lolemba mwanayo adzasekedwa kawiri, ndipo nkhani ya pamsonkhano idzakhala yoti anali mwana wa ndani.

Sindikunena kuti kutsekera ndi chithunzi n'kulakwa nthawi zonse. Anthu amakonda kutchula Martin Luther King, mtsogoleri womenyera ufulu wa anthu akuda, amene pa 28 Ogasiti 1963 ku Washington m'dziko la Amerika analankhula kwa anthu pafupifupi 250,000 n'kutsekera ndi chithunzi cha ufulu ukumveka kuchokera m'mapiri onse a dzikolo, akuda ndi azungu atagwirana manja akuimba limodzi. Zoonadi, sanamalize ndi ndandanda ya zochita. Koma chimene ambiri amaiwala n'chakuti iye atangokhala pansi, Bayard Rustin, mmodzi mwa okonza msonkhanowo, anaimirira n'kuwerenga zimene anthuwo ankafuna kuboma chimodzichimodzi, ndipo mtsogoleri mnzawo A. Philip Randolph anatsogolera khamulo kulonjeza kuti lipitiriza kulimbana likabwerera kwawo. Pempho linalipo, kungoti linanenedwa ndi anthu ena. Nelson Mandela naye, pa 20 Epulo 1964 m'khoti ku Pretoria, anamaliza ndi kunena kuti dziko la ufulu ndi kufanana kwa anthu onse ndi cholinga chimene anali wokonzeka kufera. Pamenepo panalibe woti amutume ntchito. Patsogolo pake panali woweruza, ndipo amene ankawalankhula kwenikweni anali kunja, oti adzawerenga mawuwo pambuyo pake. Chimodzimodzinso pamaliro, paukwati, kapena potsanzikana ndi ana a Sitandade 8: palibe choti anthu achite mawa m'mawa, chimene mukufuna n'chakuti mawuwo akhale nawo zaka.

Nkhani ya King ija ili ndi phunziro limene lingakukhudzeni Lachisanu. Ngati agulupu kapena anyakwawa adzakhalapo ndipo adzalankhula pambuyo panu, monga mwa mwambo, mawu omaliza a msonkhanowo si anu. Komanso kuitana anthu kuntchito yachitukuko kumalemera kukachokera kwa mfumu kusiyana ndi kwa wapampando wa komiti. Zikakhala choncho, kaonaneni nawo Lachinayi. Muwapatse kapepala kolembapo mawilibala 15, Loweruka, 6 koloko, padoko. Akavomera kuti adzanena zimenezo ndendende, inu mukhoza kutsekera pa funso la chimanga lija n'kukhala pansi, iwo n'kuponya pempholo. Zimagwira bwino kwambiri zikayenda. Koma ngati mukuwadziwa kuti akaimirira amayambira pa mbiri ya sukulu n'kudzera pa mbuzi zolowa m'minda, nenani nokha pempholo, ndipo muwapemphe kuti angotsimikiza tsikulo.

Kumbukiraninso woyendetsa mwambo. Nthawi zambiri mathero abwino amafera m'manja mwake, chifukwa inu mukangokhala pansi iye amayamba zolengeza za mayunifolomu ndi tsiku lotsekera sukulu, ndipo pofika pemphero lotsekera mchenga uja wakwiririka. Mupempheni kuti zolengeza zonse zibwere inu musanalankhule, ndiponso kuti pemphero likangotha akumbutse m'mawu amodzi kuti kope lili pakhomo. Ngati chipindacho chili ndi makomo awiri, makope akhalenso awiri, lililonse ndi cholembera chake chimene mwachiyesa kuti chikulemba. Gawani masamba mudzi ndi mudzi kuti mzere usatalike, ndipo mayina oyamba pa tsamba lililonse akhale a inu akomiti, olembedwa msonkhano usanayambe, chifukwa palibe amene amafuna kukhala woyamba pa pepala loyera.