Totali ya pa invoisi ikapanda kugwirizana ndi mizere

"Asisi ndangoyamba kumene zooda ku Joni, wondigulitsa wanditumizira chithunzi cha invoisi pa WhatsApp koma ndikaphatikiza ndekha totali sikugwirizana, ndimulembere bwanji osamukhumudwitsa?"

Mng'ono wanga choyamba ndalama usatumize kaye, ngakhale akuuze kuti basi ikunyamuka mawa. Tenga kalikuleta uchulukitse mzere uliwonse pawokha, kenako uone kusiyanako ndi zingati, chifukwa nambala imeneyo ndi imene imaulula vuto.

Tiyerekeze invoisi ili chonchi: maduveti 10 pa R180 ndi R1,800, nsapato mapeyala 24 pa R90 ndi R2,160, zikwama 12 pa R70 ndi R840. Zonse R4,800 koma pansi palembedwa R5,520. Kusiyana R720, ndiye ukawerenga bwino 720 ndi 15 peresenti ya 4,800 ndendende, VAT ya ku South Africa imeneyo, munthu waiika mu totali osailemba pa mzere wake. Kusiyanako kukafanana ndi mtengo wa mzere umodzi ndiye kuti wauwerenga kawiri. Nthawi zina ndi chithunzi chabe, anajambula modula mzere wa pansi kapena pali tsamba lachiwiri sanatumize.

Ine ndimalemba motere:

"Achimwene mwaswera bwanji. Invoisi ija ndalandira, zikomo. Ndaphatikiza maduveti R1,800, nsapato R2,160, zikwama R840, ndikupeza R4,800 koma totali yanu ndi R5,520, yaposa ndi R720. Kodi imeneyi ndi VAT kapena pali china sichikuoneka pa chithunzi? Chonde nditumizireni invoisi ina yoonetsa chilichonse pa mzere wake, mujambule pepala lonse mpaka m'makona. Ikangofika ndilipira lero lomwe."

Waona mulibe mawu oti mwandibera? Manambala okha ndi funso, munthu amakonza opanda manyazi ndipo mawa mugulitsanabe. Ulembe, usatumize voisi, kuti pakhale umboni. Chithunzicho uzungulize totaliyo uchibweze limodzi ndi uthengawo.

Chimene sindilola ine ndi choti "ingolipirani 4,800 yo, pepala lisiyeni choncho", kapena kukhwatcha ndi bolopeni. Pepala lomwelo ndi limene ukaonetse pa boda ya Mwanza, a MRA amawerengera msonkho kuchokera pa mtengo wa katundu, ndiye invoisi yodzitsutsa yokha akaikayikira atha kuika mtengo wawo ndipo iwe ulibe poyankhira, basi ikudikira, anzako akukuyang'ana. Komanso ukafika ku Limbe mtengo wogulitsira uwutenga pa nambala iti? R720 ukaiiwala pa katundu wochepa chonchi phindu la zikwama lapita.

Akakana kutumiza invoisi yatsopano kapena ayamba kukukakamiza kuti ulipire msanga, musiye, ogulitsa ku Joni ndi ambiri.