Nyumba yaima pa bimu, kodi inshuwalansi ingaiteteze?

"Tikumanga nyumba kwa Mponda ndi ndalama zomwe bambo akunyumba amatumiza kuchokera ku Joni. Tafika pa bimu, malata tidzakhoma chaka chamawa. Kodi nyumba yosatha ingalowe pa inshuwalansi?" Mayi wa ku Mangochi

Mayi, ingalowe, koma osati pa inshuwalansi ya nyumba yokhalamo anthu. Yanu ndi ya zomangamanga, yomwe pamafomu amailemba mwachidule kuti CAR. Imalipira moto, mphepo, madzi osefukira kapena akuba akawononga zomwe mwamanga ndi zipangizo zili pamalopo. Mbali yake ina imalipira munthu wapadera akavulala, monga khoma likagwera mwana wa aneba. Siilipira khoma logwa chifukwa mmisiri anachepetsa simenti. Ndipo a kampani ya inshuwalansi nyumba yanu aiona kaye, alembe ngati zomangidwa kale alola kuziteteza.

Chondidetsa nkhawa ndi miyezi yomwe ntchito iime. Inshuwalansiyi anaikonzera kontirakitala amene amayamba n'kumaliza, choncho pepala la mgwirizano limakhala ndi tsiku loyambira ndi lothera, komanso mawu akuti chowonongeka ntchito itaima sachilipira. Tsono inu mmisiri wapita, udzu wamera m'zipinda, makoma ali pamtetete dzinja lonse. Nthawi yomwe khoma lingagwe ndi yomweyo imene chitetezo chingakhale chitaima. Musanalipire, auzeni poyera kuti mukumanga pang'onopang'ono. Afunseni kuti ntchito ingaime masiku angati, ndipo yankho likhale lolembedwa, la pakamwa ayi. Akafuna mlonda, mulembeni. Ngati akana kuteteza nthawi yoima, ine ndingati gulani inshuwalansi ya gawo lokhoma denga lokha, ndipo malata musawagule msanga n'kuwaunjika pamalopo.

Funsaninso za madzi. Nyanja itakwera mu 2024 inalowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo ambiri m'mbali mwake, kotero ngati puloti ili kufupi ndi nyanja kapena Shire, onetsetsani kuti madzi osefukira sanawachotse pa mgwirizano.

Pa mtengo musachepetse pofuna kulipira zochepa. Amafuna mtengo wonse wa ntchito yomwe mwalembetsa ikadzatha. Tiyerekeze kuti ntchitoyo ndi ya K40 miliyoni koma inu mwalemba K20 miliyoni. Chimphepo chasasula denga, zowonongeka zakwana K6 miliyoni. Poti munateteza theka, akupatsani K3 miliyoni yokha, n'kuchotsaponso kagawo komwe mwini amadzilipirira, kotchedwa ekisesi. Zimenezi zimagwera ngakhale munthu woona mtima: kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, simenti ndi malata zinakwera, mtengo wolembedwa kale n'kutsalira. Gawo lililonse likamayamba, kakonzetseni mtengowo.

Malisiti a simenti, zitsulo ndi malata asungeni mujumbo kunyumba komwe mukukhala, ndipo gawo likatha jambulani nyumbayo mbali zonse zinayi. Tsiku lomwe mudzasamukiremo, ngakhale m'chipinda chimodzi pulasitala isanathe, chitetezo cha mbali yomwe mwalowayo chimatha. Adziwitseni musanalowetse katundu kuti akusinthireni ku inshuwalansi ya nyumba yokhalamo.