Chifukwa chake mawu a pa foni ya pa intaneti amadutsa pa UDP

Funso: "Akuluakulu, m'kalasi atiuza kuti TCP imaonetsetsa kuti zonse zafika, pomwe UDP imangotumiza osasamala. Nanga bwanji kuimbirana foni ndi mavidiyo zimagwiritsa ntchito UDP, yomwe ikuoneka ngati yosadalirika?"

Zimene anakuuzanizo n'zoona, koma anasiya mbali imodzi, yomwe ndi ya nthawi. TCP imalonjeza kuti chilichonse chifika ndiponso chifika mu ndondomeko yake, koma silonjeza kuti chifika liti. Mukamakopera fayilo, lonjezo limenelo n'lokwanira, chifukwa fayilo yofika mochedwa ndi sekondi imodzi imagwirabe ntchito. Mawu a munthu amene mukucheza naye sali choncho: kachidutswa ka mawu kofika nthawi yake yomveka itadutsa kalibenso ntchito, ngakhale kafike kathunthu.

Mukamalankhula, pulogalamu ya foni imadula mawu anu m'tizidutswa, kawirikawiri ta mamilisekondi 20, ndipo kachidutswa kalikonse kamaikidwa m'paketi yakeyake, kotero kuti pa sekondi iliyonse pamachoka mapaketi 50. Kwa wolandira, mapaketiwo safika motalikirana mofanana, choncho pulogalamu imawasunga kaye pang'ono m'malo odikirira otchedwa bafa, kenako n'kumawaseweretsa pa liwiro lokhazikika. Bafayo siyenera kukula kwambiri. Malangizo otchedwa G.114 a bungwe la ITU, loona za kulumikizana pa matelefoni padziko lonse, amasonyeza kuti mawu akamatenga mamilisekondi osapitirira 150 kuchoka pakamwa pa wolankhula kufika m'khutu la womvera, anthu ambiri sazindikira kuchedwako, koma nthawiyo ikamakula anthu amayamba kudulana mawu, aliyense poganiza kuti mnzake wamaliza.

Tsopano tiyerekeze kuti paketi imatenga mamilisekondi 100 kuti ifike kwa mnzanu, bafa yake ndi ya mamilisekondi 60, ndipo paketi nambala 101 yatayika panjira chifukwa rauta ina inadzaza. Tiwerenge nthawi kuyambira pamene paketiyo inanyamuka. Inayenera kufika pa 100 ndi kumveka pa 160.

Pa TCP, wotumiza sadziwa msanga kuti china chatayika. Paketi 102 ikufika pa 120, 103 pa 140, 104 pa 160, ndipo iliyonse ikafika wolandira amabwereza uthenga wakuti akudikirabe 101. Mwa lamulo lakale la TCP, wotumiza akalandira mauthenga obwereza atatu m'pamene amatsimikiza kuti paketi yatayikadi. Uthenga wachitatu ukunyamuka pa 160 n'kumufika pa 260, iye akutumizanso 101, ndipo ikufika pa 360. Zikatere, mawu amene anayenera kumveka pa 160 achedwa ndi mamilisekondi 200. Koma chopweteka kwambiri si chimenecho. M'nthawi yonseyi mapaketi 12, kuyambira 102 mpaka 113, anali atafika kale bwinobwino m'foni ya mnzanuyo, koma TCP siingawapereke kwa pulogalamu popeza inalonjeza kupereka zinthu mu ndondomeko yake, choncho onse aima pamzere kudikira mnzawo mmodzi. Paketi imodzi yotayika yasanduka chete wautali kuwirikiza kakhumi kutalika kwake, ndipo pambuyo pake pulogalamu iyenera kusankha pakati pa kutaya mawu ounjikanawo, kuwathamangitsa, kapena kulola kuti kukambirana konse kutsalire m'mbuyo. Apatu ndatenga nthawi imene zinthu zayenda bwino. Paketi yotumizidwanso ija ikatayikanso, TCP ingafike podikira kuti nthawi yake yoikika ithe, ndipo chete amatalika kwambiri.

Pa UDP, paketi 102 ikangofika imaperekedwa kwa pulogalamu nthawi yomweyo. Ikafika 160 ndipo 101 sinaoneke, pulogalamu imadzaza mpata wa mamilisekondi 20 uja ndi mawu ongopeka potengera mmene mawu am'mbuyo amamvekera, kenako imapitiriza ndi 102. Mamilisekondi 20 n'ngochepa kuposa silabulo imodzi, ndipo nthawi zambiri khutu silimva n'komwe. Njira yopanira mawu yotchedwa Opus ingathenso kuika m'paketi yotsatira kope losalongosoka kwenikweni la paketi yapitayo, kotero kuti 101 ikasowa, chithunzithunzi chake chimapezeka mu 102.

Mwina mungafunse kuti pulogalamu imadziwa bwanji kuti 101 yasowa, popeza UDP siwerengera mapaketi. Zoonadi, UDP, yomwe Jon Postel anaifotokoza mu 1980 m'chikalata cha RFC 768, ili ndi mutu wa mabaiti 8 okha: doko lochokera, doko lopitako, utali, ndi nambala yoonera ngati paketi yaonongeka. Ntchito yowerengera imachitidwa ndi RTP, yomwe imakwera pamwamba pa UDP n'kuika nambala ya ndondomeko ndi chidindo cha nthawi pa paketi iliyonse. N'chifukwa chake ine sindigwirizana ndi mawu akuti UDP n'njosasamala. Chimene imachita n'kusiyira pulogalamu ufulu wosankha chimene chiyenera kutumizidwanso ndi chimene chingoiwalika. Ena amanena kuti UDP imasankhidwa chifukwa mutu wake ndi waung'ono poyerekeza ndi wa TCP, womwe umayambira pa mabaiti 20, kapena chifukwa siyamba ndi kupatsana moni katatu. Zimenezo n'zoona koma n'zazing'ono, chifukwa moniyo amachitika kamodzi kokha poyamba.

Pa mavidiyo m'pofunika kusiyanitsa, chifukwa apa m'pamene ophunzira ambiri amasokonezeka. Pa msonkhano wa pa vidiyo, monga umene umachitika kudzera mu WebRTC, njira yoimbirana pa bulauza, nthawi n'njothina ngati pa mawu, ndiye UDP ndi RTP ndi zimene zimagwira ntchito. Kusiyana kwake n'kwakuti zithunzi zambiri za vidiyo zimangonyamula zimene zasintha kuchokera pa chithunzi cham'mbuyo, choncho paketi imodzi ikatayika, kuonongekako kumafalikira ku zithunzi zotsatira. Pulogalamu imayesa kupempha paketi yomweyo ngati nthawi ikulola, ndipo zikakanika imapempha chithunzi chathunthu chatsopano kuti iyambirepo. Mukaona nkhope ya mnzanu yasanduka timabokosi kenako n'kuyera mwadzidzidzi, dziwani kuti chithunzi chathunthucho chafika.

Koma filimu yojambulidwa kale, imene mukuonera pa intaneti, nthawi zambiri imabwera pa HTTP kudzera mu njira monga HLS kapena DASH, ndipo pansi pake pamakhala TCP. Choseweretsa chimakopera masekondi ambiri patsogolo, kotero kuchedwa kwa mamilisekondi 200 kumamira m'bafa osaoneka. Nthawi zina mudzaona filimu yotere ikubwera pa UDP, doko 443, koma imeneyo ndi QUIC, yomwe inakhazikitsidwa mu 2021 mu RFC 9000, ndipo iyo imatumizanso chilichonse chotayika ngati mmene TCP imachitira.

Mungadzionere nokha pa kompyuta ya Linux poimba foni ya pa intaneti pa kompyutayo uku mukuyendetsa lamulo ili:

```
sudo tcpdump -n -i any udp
```

Mudzaona mapaketi ang'onoang'ono ambirimbiri akupita ku adiresi imodzi motsatizana. Ngati foni ikuyenda koma simukuona mtsinje wa mapaketi otere, n'kutheka kuti netiweki imene mulipo imatsekereza UDP, monga zimachitikira m'maofesi ena, ndipo pulogalamu yathawira ku seva yolandizana ya TURN kudzera pa TCP, kawirikawiri pa doko 443. Khutu lingakuthandizeninso kusiyanitsa netiweki ikavuta: pa UDP mawu amadukaduka kapena kumveka ngati achitsulo koma mnzanu amayankha pa nthawi yake, pomwe pa TCP mawu amaima zii, kenako amabwera mothamanga, ndipo mnzanu amayankha funso limene munafunsa kalekale.