Njira ya Booth yandipatsa 98 m'malo mwa −30: ndalakwitsa pati?

"Alangizi, ndine wa ku Ulongwe ndipo ndikuphunzira za makompyuta mumzinda wa Tete. Ndachulukitsa −5 ndi 6 potsatira njira ya Booth, pogwiritsa ntchito mabiti anayi, koma kawiri konse ndapeza 98. Komanso sindikumvetsa chifukwa chake timachotsera pamene funso ndi lochulukitsa."

Tiyambe ndi nkhani ya kuchotsera, chifukwa mukaimvetsa imeneyo, malamulo a njirayi simudzafunikanso kuwaloweza. Wogula kachewere ku Angonia akamawerengera matumba 99 a mtengo umodzi, sawonkhetsa mtengowo maulendo 99. Amatenga mtengo wa matumba 100, n'kuchotsapo wa thumba limodzi, ndipo wamaliza. Mu nambala za mabiti, mzere wa ma 1 ogundizana umachita ngati ma 9 amenewo. Nambala 00111110 ndi 62, ndipo ili ndi ma 1 asanu, choncho mwa njira wamba mungaphatikize kasanu. Koma 62 ndi 64 − 2, kutanthauza kuti mukhoza kuchotsera kamodzi pamene mzerewo ukuyambira kumanja, kuphatikiza kamodzi pamene wathera, ndipo pakati ponsepo mumangodutsa. Andrew Booth, yemwe ankagwira ntchito ku Birkbeck College mumzinda wa London, anasindikiza njirayi mu 1951.

Popeza makina sangaone mzere wonse nthawi imodzi monga inu papepala, amayang'ana mabiti awiri okha: biti yakumapeto kumanja ya nambala yochulukitsira Q, tiitche Q0, ndi biti ina yapadera, tiitche q, imene imasunga biti imene yangotuluka kumene mu Q ndipo imayamba ili 0. Zikakhala 10, mukulowa mumzere wa ma 1, ndiye mumachotsa M, nambala yochulukitsidwa, ku A, malo amene yankho likumangidwa. Zikakhala 01, mzere watha, ndiye mumaphatikiza M ku A. Zikakhala 11 muli m'kati mwa mzere, zikakhala 00 muli kunja kwake, ndipo pa ziwirizi simuphatikiza kapena kuchotsera kanthu. Kaya mwachita chiyani, ndime iliyonse imatha ndi kusuntha A, Q ndi q pamodzi malo amodzi kupita kumanja, ngati kuti zonse ndi nambala imodzi yaitali. Ndimezo zimachuluka mofanana ndi mabiti a Q, kotero kwa inu zilipo zinayi.

Musanayambe, lembani M ndi −M pambali pa tsamba. Nambala 5 ndi 0101. Kuti mupeze −5 mu kompulementu ya 2, tembenuzani biti iliyonse kukhala 1010, kenako onjezerani 1, mupeza 1011. Ndiye M ndi 1011 ndipo −M ndi 0101, ndipo paliponse pamene lamulo likunena kuti muchotse M, inu mumangophatikiza 0101. Nambala 6 ndi 0110, imeneyo ndiyo Q.

```
ndime  Q0 q   zochita      A     Q     q
       -      poyambira    0000  0110  0
1      00     suntha       0000  0011  0
2      10     A + 0101     0101  0011  0
              suntha       0010  1001  1
3      11     suntha       0001  0100  1
4      01     A + 1011     1100  0100  1
              suntha       1110  0010  0
```

Funso lanuli ndi labwino pophunzirira chifukwa mitundu yonse inayi ya mabiti awiri yaonekera kamodzikamodzi. Taonani kuti munachotsera pa ndime yachiwiri, pamalo a mtengo wa 2, ndipo munaphatikiza pa ndime yachinayi, pamalo a mtengo wa 8. Uku ndi kulemba 6 ngati 8 − 2, ndipo n'chifukwa chake mabuku ena amalemba 0110 mwatsopano kuti +1 0 −1 0 asanachulukitse n'komwe. Yankho ndi A ndi Q pamodzi, kusiya q, lomwe ndi 11100010. Biti yoyamba ndi 1, kusonyeza kuti nambalayi ili pansi pa ziro. Mukatembenuza mabiti onse mupeza 00011101, mukaonjezera 1 mupeza 00011110, yomwe ndi 30, choncho yankho ndi −30.

Tsopano za 98 wanu. Nambala 98 mu mabiti asanu ndi atatu ndi 01100010, ndipo mukaiika pansi pa 11100010 muona kuti zasiyana pa biti imodzi yokha, yakumanzere kwenikweni. Pepala lanu sindinalione, koma chizindikiro chimenechi chikuloza pa mzere womaliza: posuntha 1100 munaika 0 pamalo amene anatsala opanda kanthu kumanzere, n'kupeza 0110. Kusuntha kwa njira ya Booth kumasunga chizindikiro cha nambala, ndiye kuti biti yakumanzere ya A imakoperedwa momwe ilili. Ikakhala 0 mumalowetsa 0, ikakhala 1 mumalowetsa 1, chotero 1100 imasanduka 1110. Chifukwa chake n'chakuti kusuntha kumanja ndi kugawa pawiri, ndipo 1100 ndi −4, theka lake ndi −2, yomwe ndi 1110, pamene 0110 ndi +6. Cholakwachi chimabisala bwino, popeza pa ndime zitatu zoyambirira A inkayamba ndi 0, ndipo kulowetsa 0 kunkapereka zoona ngakhale munkatsatira lamulo lolakwika. Ndaona ophunzira ambiri akubwereza kuphatikiza kambirimbiri kufunafuna vuto, pamene vutolo lili pa kusuntha.

Kanthu kena kamene kamasokoneza ophunzira ndi biti yosefukira. Mukaphatikiza nambala ziwiri za mabiti anayi n'kutuluka biti yachisanu kumanzere, imeneyo itayeni, musailowetse mu A posuntha. M'funso lanuli sinatuluke, koma m'mafunso ena mudzakumana nayo.

Mwina mungafunse kuti zikanatani Q ikanakhala ndiyo ili pansi pa ziro. Palibe lamulo lililonse limene limasintha, ndipo apa m'pamene njirayi imaposa njira wamba. Tengani Q ya 1110, yomwe ndi −2. Mabiti awiriawiri akhala 00, 10, 11, 11, kutanthauza kuti mumachotsa M kamodzi pamalo a mtengo wa 2, ndipo poti mzere wa ma 1 wafika kumapeto osatha, kuphatikiza sikuchitika konse. Chotsala ndi −2 kuchulukitsa ndi M, monga mmene ziyenera kukhalira.

Pa mayeso musalembe kuti njirayi imachepetsa ntchito nthawi zonse, chifukwa si zoona. Nambala ngati 01010101 ili ndi ma 1 anayi otalikirana, ndipo njira wamba ingaphatikize kanayi, pamene ya Booth imachotsera kanayi ndi kuphatikiza kanayi, zonse pamodzi kasanu ndi katatu. Phindu limaoneka pamene ma 1 ali ogundizana.

Chenjeraninso ndi M ya −8 mu mabiti anayi. Imalembedwa 1000, ndipo mukaitembenuza ndi kuonjezera 1 mumabwereranso pa 1000 yomweyo, chifukwa mabiti anayi amasunga kuyambira −8 mpaka +7 basi, +8 sakwanamo. Mukapatsidwa funso lotere, onjezerani biti imodzi ku A ndi ku M, kuti M ikhale 11000 ndipo −M ikhale 01000, koma ndime zikhalebe zinayi. Kuti muone ngati kusuntha mwakugwira, sinthanitsani nambala zanu zija, M ikhale 0110 ndipo Q ikhale 1011. Nthawi ino A ikhala pansi pa ziro pa ndime yoyamba yomwe, ndipo mukasuntha molondola mufikanso pa 11100010.