Akakufunsani kuti "Munasiyiranji ntchito kumene kuja?"

"Zikomo aphungu. Ndinagwira ntchito ya ukalaliki wa zachuma pakampani ina ku Kanengo kwa chaka chimodzi ndi miyezi iwiri. Abwana ankatilalatira pamaso pa makasitomala, malipiro ankachedwa, ndipo tinkaweruka usiku popanda ya ovataimu. Ndinapereka notisi n'kusiya ndisanapeze pena. Sabata yamawa ndaitanidwa ku intavyu. Akandifunsa chimene ndinasiyira, ndinene zonse kapena ndiname?" Mtsikana wa ku Kawale

Achemwali, musaname, komanso musakhuthule zonse. Anthu amene mudzakhale nawo m'chipinda muja abwana anu akalewo sanawaonepo akulalata, ndipo alibe njira yodziwira ngati nkhani yanu ili yoona. Amene akumuona ndi inu. Mukayamba kufotokoza za mtima woipa wa munthu amene palibe, iwo m'mitima mwawo amangoti: mawa akadzachoka kwathu kuno, adzatinenanso chonchi. Ndiye poti Lilongwe ndi mudzi, mwina mmodzi wa ofunsawo amapemphera tchalitchi chimodzi ndi abwana ajawo, kapena anakhala nawo limodzi m'komiti ya ukwati mwezi watha.

Pa madandaulo anu atatuwo, sankhanipo limodzi lokha, ndipo likhale loti munthu angaliwerengere pa kalendala. Kulalata n'kovuta kukufotokoza popanda kunena za khalidwe la munthu, choncho kusiyeni kunyumba. Kuchedwa kwa malipiro n'kosiyana. Kuli ndi madeti, kumaoneka pa sitetimenti ya kubanki, ndipo aliyense amene amalipira lendi mumzinda uno amakumvetsa popanda kulongosolera. Yankho lanu likhoza kumveka motere:

"Ndinagwirako chaka chimodzi ndi miyezi iwiri, ndipo kumeneko n'kumene ndinaphunzira kuyanjanitsa mabuku a kampani ndi sitetimenti ya kubanki, komanso kukonza malipiro a antchito mwezi ndi mwezi. Miyezi yomalizira malipiro sankabwera pa nthawi yake, ndiye ndinaona kuti ndi bwino ndipereke notisi ya mwezi umodzi, ndisiye mabuku ali m'malo mwake, ndikafune malo okhazikika. Chimene chandikopa kuno n'chakuti mukufuna munthu woyang'anira ngongole za makasitomala, ntchito imene ndinali nditaiyamba kale."

Likanenedwa mosathamanga, yankho limeneli silikwana mphindi imodzi. Onani kuti mulibe mawu akuti "abwana". Vuto lanenedwa ngati mmene zinthu zinalili pakampanipo, osati ngati mlandu wa munthu. Onaninso kumene lathera: pa ntchito yatsopanoyo. Ofunsa amakonda kutola funso lotsatira pa chiganizo chanu chomaliza. Mukathera pa malipiro ochedwa, akufunsani za malipirowo. Mukathera pa ngongole za makasitomala, nkhani ilowera kumeneko, komwe inu muli ndi zonena zabwino. Manambala ndi ntchito zimene ndaikamozo musinthe, muikemo zanu zenizeni.

Mukamaliza, khalani chete. Apa ndi pamene ambiri amagwera. Wofunsa amatha kungokuyang'anani akulemba, osayankha kanthu, ndipo inu poopa bata lija mumayamba kuwonjezera: "Komanso kunena zoona anthu ake anali ovuta..." Basi, zonse zija mwaziwononga. Ena amachita kukutcherani msampha mwaubwenzi, amvekere, "Kampani ija timaidziwa ife, si kumavuta kumene kuja?" Musaseke nawo movomereza. Nenani kuti, "Zovuta zinalipo ngati kwina kulikonse, koma ndinaphunzirako zambiri," kenako dikirani funso lina.

Akakupanikizani kuti, "Munayesapo kulankhula ndi akuluakulu musanachoke?" dziwani kuti funso ili n'lachilungamo, pakuti akufuna kuona ngati mumathawa vuto likangoyamba. Ngati munalembapo kalata kapena munakambapo ndi oyang'anira antchito, nenani kuti munatero kangati komanso mwezi uti, n'kuti zinthu sizinasinthe. Ngati simunayese, musapeke. Nenani kuti zikanakhala lero mukanayamba mwalemba kalata.

Mayankho awiri ozolowereka ndikukuletsani. Loyamba ndi lakuti "ndinkafuna kukula pa ntchito". Limamveka bwino kwa munthu amene akusiya ntchito kupita pa ina, koma kwa inu amene munasiya n'kukakhala pakhomo, aliyense aona kuti pali chimene mukubisa, ndipo ayamba kukumba. Lachiwiri ndi bodza la matenda kapena "mavuto a kumudzi". Bodza limeneli limafa ndi foni imodzi yokha yopita ku Kanengo, ndipo likadzaululika mutalembedwa kale, akhoza kukuchotsani chifukwa cha chinyengo.

Tsono popeza foni imeneyo ikhoza kuimbidwa, konzani mapepala intavyu isanafike. Lamulo la zantchito la chaka cha 2000, gawo 31, limati wantchito akasiya ndipo wapempha, olemba ntchito ayenera kumupatsa satifiketi yosonyeza dzina la kampani, nthawi imene wagwira, udindo wake ndi malipiro amene ankalandira. Ubwino wake ndi wakuti chifukwa chosiyira ntchito, ngakhalenso ndemanga ya kagwiridwe kanu ka ntchito, sizilembedwamo pokhapokha inuyo mutapempha. Choncho abwana okwiya alibe mpata wokudetserani mbiri m'pepala limeneli. Kalipempheni polemba kalata, ndipo kope la kalata yanu ya notisi mulisunge pamodzi. Madeti a pa satifiketiyo afanane ndendende ndi a pa sivi yanu. Kusiyana kwa miyezi iwiri yokha kumadzutsa mafunso osafunikira.

Pa anthu okuchitirani umboni, palibe chokukakamizani kulemba abwana amene munkasemphana nawowo. Lembani munthu wina amene ankaona ntchito yanu ndi maso ake, monga mkulu wa zachuma kapena amene ankasayinira mabuku anu. Muimbireni kaye, mumuuze ntchito imene mwafunsira ndi mmene mudzafotokozere kuchoka kwanu, kuti nkhani zanu zisadzasiyane. Ofunsa akati, "Tingawaimbire abwana anu akale?" musakane, chifukwa kukana kumaonetsa mantha. Nenani kuti, "Mukhoza kutero, koma amene ankayang'anira ntchito yanga tsiku ndi tsiku ndi amene ndawalemba pa sivi."

Za ndalama za ovataimu zija, ngati mukufuna kuzilondola, malo ake ndi ku ofesi ya zantchito ya boma la Lilongwe kapena ku khothi loona milandu ya zantchito, osati m'chipinda cha intavyu. Musachedwe nazo, chifukwa madandaulo a zantchito ali ndi malire a nthawi. Ngati mwakasuma kale, simukuyenera kuyambitsa nokha nkhaniyi, koma akakufunsani mwachindunji vomerani mwachidule kuti pali nkhani ya malipiro imene ili m'manja mwa oyenera, ndipo simungaikambe kwambiri isanathe.

Masiku atsalawa, lembani yankho lanu papepala ndipo mulinene mokweza kasanu kapena kupitirira, wina akumvetsera. Mawu amatha kukhala oyera koma nkhope n'kukuperekani: kupumira m'mwamba, kuseka monyodola, liwu kunjenjemera mukafika pa dzina la kampani. Dzijambuleni pa foni n'kudzionera. Ngati intavyu ili m'Chingerezi, yesererani m'Chingerezi momwemo, pakuti munthu akasowa mawu pakati pa chiganizo amathamangira amene ali pafupi, ndipo kwa inu pakali pano amene ali pafupi ndi aukali aja.