Bwana wamkulu alibe nazo ntchito za mu sivi

"Achimwene, ndadutsa intavyu yoyamba pa kampani ina ya mathiraki ku Kempton Park, udindo wa manijala wa maulendo. Lachinayi ndikukakumana ndi dayilekita wamkulu, ndipo andiuza kuti ndikaonetse kuti ndimaona patali. Ndikanene chiyani poti zonse ndinanena kale?"

Achemwali, kalata yanuyi ndinaiwerengera mu sitima ya Gautrain ndipo yanditokosola bala lakalekale. Inenso ndinakhalapo pa mpando umenewo, mu ofesi ina ya magalasi okhaokha ku Sandton, nditavala jekete yobwereka yothina m'khwapa. Intavyu yoyamba ndinali nditaswa. Anandifunsa za ziphaso, za madalaivala amene ndinkawayang'anira, za tsiku limene thiraki inafera pa msewu wa N3 usiku. Zonse ndinayankha ngati ndakatulo ya ku pulayimale. Ndiye ndinapita kwachiwiri ndi ndakatulo yomweyo.

Mayi amene ndinawapezawo sivi yanga sanaitsegule n'komwe. Anaikankhira pambali pa kapu ya tiyi, n'kufunsa kuti: nditakudulira bajeti lero, pa randi 5 iliyonse n'kuchotsapo imodzi, ungasiye kuchita chiyani? Ine, mwana woleredwa bwino, manja pamaondo, ndinati sindingasiye chilichonse, ndingolimbikira kwambiri. Anamwetulira. Tinakambako za nyengo pang'ono, pasanathe mphindi 20 ndinali ndili panja.

Zinanditengera nthawi kuti ndimvetse. Kuyamba konse ndinkati ndi tsankho, poti ife obwera timathamangira pamenepo, ndipo nthawi zina limakhalapodi. Koma tsiku limenelo ndinadzigwetsa ndekha. Anthu a intavyu yoyamba ntchito yawo ndi kuona ngati ntchitoyo mungaithe, ndipo anavomereza kale, n'chifukwa chake akuitanani. Bwana wamkulu akufuna kudziwa china: akakusiyirani ndalama zosakwanira ndi mavuto atatu, mudzasankha liti, ndipo awiri otsalawo mudzalimba mtima kuwasiya? Kuona patali kumene akunenako n'kumeneko basi. Munthu amene akuti achita zonse ndiye kuti sanasankhe kanthu.

Apa ndinene zowawa. Ulemu wathu wa kumudzi umatipweteka m'maofesi a kuno ku Joni. Tinakula tikudziwa kuti wamkulu akamalankhula umayang'ana pansi, ukafunsidwa maganizo umati "monga mwanenera bwana." Pa maliro ndi pa chinkhoswe zimenezo n'zabwino, ndipo ana anga ndimawaphunzitsa zomwezo. Koma dayilekita akakuonani mukuvomera chilichonse, mumtima amati uyu tsiku limene ndidzalakwitse sadzandiuza. Anthu ovomera ali nawo kale odzaza ofesi. Sindikunena zoti mukachite mwano, ayi. Ndinaonaponso mnyamata wina amene ananyoza dongosolo lonse la kampani, osadziwa kuti amene analikhazikitsa ndi bwana yemwe amamufunsayo.

Patapita zaka ziwiri ndinapezanso mwayi kwina, ndipo ulendo uno ndinalowa ndi nkhani imodzi yokha. Ndikuuzani mmene ndinaiyalira, poti ntchito yanu ndi yomweyo.

Kumene ndinkagwira, tinkatumiza mathiraki okwana ngati 40 pa mwezi kudzera pa boda ya Beitbridge, ena a ku Lusaka, ena a ku Blantyre kudzera ku Harare, Nyamapanda, Tete mpaka pa Mwanza. Thiraki iliyonse inkataya masiku awiri pa boda. Mmene tinkawerengera ife, thiraki yongoima inkadya ngati R6,000 pa tsiku: ngongole ya galimotoyo, inshuwalansi, malipiro a dalaivala, zonsezo siziima chifukwa matayala aima. Maulendo 40, masiku awiri uliwonse, ndi masiku 80. Ndiye kuti R480,000 pa mwezi imangopsa padzuwa la ku Musina, tauni ya pafupi ndi bodayo.

Aliyense ankati vuto ndi mzere wa pa boda, ndipo mzere sungauchite kanthu. Nditakhala pansi ndi mafayilo a miyezi itatu ndinapeza kuti pafupifupi theka la kuchedwako linali lathu lomwe. Kulemera kwa katundu pa invoisi kunkasiyana ndi kwa pa pepala la ulendo, kapena mapepala ankafika kwa ejenti wotiombolera katundu pa boda thiraki itafika kale. Choipitsitsa chinali katundu wophatikiza: makasitomala ang'onoang'ono asanu mu thiraki imodzi, mmodzi akalakwitsa pepala, onse asanu agona pa boda.

Ndiye ndinawauza bwanawo kuti ndikanalemba makalaliki awiri, onse pamodzi R50,000 pa mwezi, oti thiraki isatuluke pa geti mapepala asanafike kwa ejenti. Tikapulumutsa tsiku limodzi pa ulendo, ndi R240,000. Kenako ndinanena chimene ndikanasiya: makasitomala ang'onoang'ono ochedwetsa mapepala, ngakhale kuti a zamalonda akanandida nazo chifukwa ndalama zolowa zikanatsika kaye. Apa m'pamene anaika cholembera pansi n'kuyamba kunditsutsa. Anati nanga ukapeza kuti walakwitsa? Ndinati ndidzadziwira maola a pa boda. Miyezi itatu ikatha osatsika, ndiye kuti vuto ndi mzeredi, ndipo katundu wa ku Lusaka ndidzayamba kumudutsitsa ku Botswana, pa mlatho wa Kazungula umene unatsegulidwa mu 2021. Wa ku Blantyre ndinavomera kuti njira yachidule yothawira ndilibe. Tinakangana mwaulemu mpaka ola linakwana. Bwana wamkulu akayamba kukutsutsani musanjenjemere, ndiye kuti mwamukoka. Zoopsa ndi pamene akungogwedeza mutu akuyang'ana wotchi.

Pali chinanso chimene ife Amalawi timabisa pamene chikanatigulitsa. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndani mwa ife sanamve kuwawa kwake kudzera kwa abale? Timadziwa kuti kasitomala wa ku Limbe akhoza kukhala ndi makwacha odzaza ku banki koma n'kudikira nthawi yaitali kuti apeze ndalama zakunja zolipirira. Timadziwanso kuti thiraki imapita yodzaza koma kawirikawiri imavutika kupeza katundu wobwerera naye. Kwa dayilekita wa ku Kempton Park zimenezi ndi nkhani ya ngongole zosabwezedwa ndi dizilo wowotchedwa pachabe. Koma ife timalowa mu intavyu tikuyesetsa kuti asatizindikire kuti ndife a ku Ntcheu. Zimandinyansa, ngakhale inenso ndinachitapo.

Ndiye Lachinayi mukatani?

Ngati kampaniyo ili pa msika wa masheya wa JSE, werengani lipoti lake la pachaka, makamaka kalata ya bwana wamkulu ndi gawo la zinthu zimene akuziopa. Ngati siili pamenepo, imbirani amene anakuitanani mumufunse chimene chikuwasowetsa tulo abwanawo chaka chino. Sankhani vuto limodzi, muliike mu marandi, munene chimene mungachite, chimene mungasiye, ndi chizindikiro choti mwalakwitsa. Manambala akhale ongoyerekeza a kumene mwagwirako, osaulula mayina a makasitomala, ndipo munene poyera kuti a kampani yawoyo simukuwadziwa, akukonzeni. Yankho liziyamba ndi chigamulo, zifukwa pambuyo, lisapitirire mphindi ziwiri. Akakupatsani mpata wofunsa, za tchuthi ndi malipiro zisiyireni a ofesi yolemba anthu ntchito. Afunseni kuti pakatha chaka adzaonera chiyani kuti sanalakwitse kukutengani. Ndipo jekete ikhale yanuyanu, muiyese Lachitatu madzulo.